Kudwalira ku Tete: Chipwitikizi cha pawindo la chipatala

Mmalawi akadwala ali ku Angonia savutika kwenikweni, chifukwa anthu ambiri kumeneko amalankhula Chinyanja chomwechi cha ku Dedza ndi ku Ntcheu. Koma akadutsa pa Zobwe n'kukafika m'tauni ya Tete zinthu zimasintha. Mumsika mumamveka Chinyungwe, ndipo wa pawindo la chipatala angakhale wochokera ku Beira kapena ku Maputo, amene mungamvane naye m'Chipwitikizi chokha. Chabwino chake n'chakuti mafunso a pawindopo ndi ochepa, ndipo nthawi zambiri amabwera motsatana mwa njira imodzi: ndinu yani, mumakhala kuti, mukumva chiyani, zayamba liti.

Tiyerekeze mayi wa geni wochokera ku Mwanza amene malungo amugwira ali ku Tete. Wafika pa *centro de saúde*, chipatala chaching'ono, ndipo wayima pa *aceitação*, pamene amalembera odwala.

Wolembera: *Bom dia, mamã. Em que posso ajudar?* (Mwadzuka bwanji mayi, tikuthandizeni chiyani?)

Mayi: *Bom dia. Estou doente. Quero uma consulta, por favor.* (Sindili bwino. Ndikufuna kuonana ndi adokotala.)

Wolembera: *É a primeira vez que vem aqui?* (Kuno n'koyamba kubwera?)

Mayi: *Sim, é a primeira vez.* (Inde, n'koyamba.)

Wolembera: *Tem documento?* (Muli ndi chiphaso?)

Mayi: *Tenho passaporte. Aqui está.* (Ndili ndi pasipoti. Nayi.)

Wolembera: *Onde mora?* (Mumakhala kuti?)

Mayi: *Moro no Malawi, em Mwanza.* (Ndimakhala ku Malawi, ku Mwanza.)

Wolembera: *Quantos anos tem?* (Muli ndi zaka zingati?)

Mayi: *Tenho trinta e dois anos.* (Ndili ndi zaka 32.)

Wolembera: *O que sente?* (Mukumva chiyani?)

Mayi: *Estou com febre e dói-me a cabeça.* (Thupi latentha ndipo mutu ukundipweteka.)

Wolembera: *Há quanto tempo?* (Papita nthawi yaitali bwanji?)

Mayi: *Desculpe, não percebi. Fale devagar, por favor.* (Pepani, sindinamve. Lankhulani pang'onopang'ono.)

Wolembera: *Quantos dias?* (Masiku angati?)

Mayi: *Há três dias.* (Papita masiku atatu.)

Wolembera: *Leve esta senha e aguarde na triagem. Vão chamar o seu nome.* (Tengani kapepala aka mukadikire poyezera paja. Akuitanani dzina.)

Mayi: *Obrigada.* (Zikomo.)

Onani momwe mayiyu akuyankhira. Sakuchita kupanga ziganizo zatsopano ayi, akungotenga mneni wa m'funso n'kumubweza atasintha mathero. Wofunsa akati *tem*, iye akuti *tenho*. Akati *mora*, akuti *moro*. Akanati *sente*, akanatha kunena *sinto*. Kawirikawiri mathero a *o* ndiwo amatanthauza "ine", monga momwe "ndi-" amachitira kumayambiriro a mneni wathu. Amatchulidwa ngati u: "tenyu", "moru", "sintu". Pofuna kukana mumangoika *não* patsogolo: *não tenho*, ndilibe.

Pofunika kukhalapo nthawi ndi pa *O que sente?*, chifukwa yankho lake ndilo lingachititse kuti muthandizidwe msanga kapena mukhale pabenchi mpaka masana. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi *estou com*, "ndili ndi", kenako dzina la vutolo: *febre* ndi kutentha thupi, *tosse* ndi chifuwa, *diarreia* ndi kutsegula m'mimba, *vómitos* ndi kusanza. Yachiwiri ndi *dói-me*, yotchulidwa "doyi-mi", imene ikufanana ndendende ndi "ukundipweteka". Pambuyo pake mumatchula chiwalo: *a cabeça* ("kabesa") ndi mutu, *a barriga* ndi mimba, *o peito* ndi pachifuwa. Dzina la chiwalo likakuthawani, lozani ndi chala n'kunena *dói-me aqui*, pakupweteka ndi apa. Palibe namwino amene angalephere kumva zimenezo.

Ngati wodwala ndi mwana, sinthani *estou* kukhala *está*: *A criança está com febre*, mwanayu watentha thupi. Ndipo mwana akakomoka kapena akamapuma mobanika, za pawindo zisiyeni kaye. Nenani mokweza kuti *É urgente!* ndipo funsani kuti *Banco de Socorros* ili kuti, chifukwa ku Mozambiki ndilo dzina la kumene amalandirira odwala mwakayakaya.

Amene anaphunzirako Chingerezi achenjere ndi mawu amodzi. Namwino akafunsa ngati muli ndi *constipação*, akunena chimfine, osati kudzimbidwa. Kudzimbidwa ndi *prisão de ventre*. Mukasokoneza ziwirizi, inu muzidzaloza m'mimba iye akulemba za mphuno.

Funso la *Há quanto tempo?* ndilo linamupunthwitsa mayi uja, ndipo limapunthwitsa ambiri, chifukwa *h* satchulidwa konse. Chomveka ndi "a kwantu tempu" basi, mwaliwiro. Yankho limayambanso ndi *há*: *há dois dias*, *há uma semana* (papita sabata). Ngati zayamba dzulo nenani *desde ontem*. Samalani ndi *três* ndi *treze*, 3 ndi 13. Oyambawo amamveka "tresh", achiwiriwo "trezi". Kutentha thupi kwa masiku atatu ndi kwa masiku 13 adokotala sakuona mofanana, choncho ponena onetsaninso zala.

Ine ndimaona kuti chiganizo chofunika koposa m'macheza onsewa ndi chija cha *não percebi*. Ife tinaleredwa kuti wamkulu kapena wa muofesi akalankhula timavomera ndi mutu, kaya tamva kaya sitinamve. Ulemu umenewo kuchipatala ungakupwetekeni. Wina angafunse kuti *Está grávida?* (Ndinu oyembekezera?) kapena *Tem alergia a algum medicamento?* (Alipo mankhwala amene sakuyanjani?), inu n'kungoti *sim* poopa kuoneka wachilendo, ndipo yankho limenelo ndi lomwe adzatsatire posankha mankhwala. Mayi uja atanena kuti sanamve, wolembera sanakwiye. Anangofupikitsa funso. Mungathenso kufunsa kuti *Alguém fala chinyanja?* (Alipo wolankhula Chinyanja?), ndipo m'chigawo cha Tete si chachilendo kuti wina pamzere atembenuke.

Mawu othokozera amatengera amene akulankhula, osati amene akuthokozedwa. Mayi amati *obrigada* ngakhale akuthokoza bambo, bambo amati *obrigado*.

Potuluka mudzapatsidwa *receita*, chikalata cha mankhwala, kuti mupite nacho ku *farmácia*, ndipo mwina adzakuuzani tsiku lobweranso. Msampha waukulu kwa wolankhula Chichewa uli pamenepa. Ife timawerenga masiku kuyambira Lolemba, n'chifukwa chake tsiku lotsatira timati Lachiwiri. Apwitikizi amayambira Lamulungu, *domingo*, motero *segunda-feira*, ngakhale *segunda* ikutanthauza "yachiwiri", ndi Lolemba. *Terça-feira* ndiye Lachiwiri, *quarta-feira* Lachitatu, *quinta-feira* Lachinayi, *sexta-feira* Lachisanu. Nthawi zambiri *feira* amamusiya. Namwino akati *Volte na quinta*, munthu amene waphunzira kuti *quinta* ndi "yachisanu" adzabwera Lachisanu, atachedwa ndi tsiku lathunthu. Pa nambala ya Chipwitikizi chotsani imodzi kuti mupeze tsiku lathu. Ngati mukukayikabe, perekani kapepala kanu n'kupempha kuti *Escreva a data, por favor*, akulembereni detilo m'manambala.