Kupanga Bajeti Pamene Ndalama Sizibwera Mofanana Mwezi ndi Mwezi

Makolo ambiri a pasukulu yathu salandira malipiro a pamwezi. Ena ndi a geni, ena a kabaza, ena amadalira maganyu. Mwezi wina ndalama zimabwera bwino, mwezi wina zimachita kuvuta, koma lendi, chakudya ndi fizi sizidikira. Njira yothandiza pa vutoli ndi kumanga bajeti pa mwezi umene munapeza zochepa kwambiri. Mwezi umenewu tiutche mwezi wa maziko.

Choyamba ndi kudziwa phindu lenileni. Ndalama zonse zimene mwagulitsa si zanu zodyera ayi. Chotsanipo zokapikulira katundu wina, thiransipoti ndi chiphaso cha pamsika. Zotsalazo ndiye phindu. Lembani phindu la mwezi uliwonse m'kope kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mukakwanitsa chaka chonse ndi bwino koposa, chifukwa mumaona nyengo yokolola ndi nyengo ya njala yomwe.

Tiyerekeze mayi wogulitsa kaunjika amene kope lake likuonetsa phindu ili: Disembala K260,000, Januwale K150,000, Febuluwale K120,000, Malichi K140,000, Epulo K190,000 ndi Meyi K220,000. Zonse pamodzi ndi K1,080,000, ndipo tikagawa mofanana pa miyezi isanu ndi umodziyo tikupeza K180,000 pamwezi.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Mayiyu akazolowera kugwiritsa ntchito K180,000 mwezi uliwonse, mu Januwale aperewedwa K30,000, mu Febuluwale K60,000, mu Malichi K40,000. Ngati za Disembala zinathera m'chisangalalo, K130,000 imeneyi adzaitapa ku mpamba kapena kukaitenga kwa akatapila. Geni zambiri zimagwa chonchi, osati chifukwa malonda anali oipa.

Mwezi wa maziko wa mayiyu ndi Febuluwale, wa K120,000. Ndalama imeneyi ndiyo malipiro amene azidzipatsa mwezi uliwonse, kaya malonda ayenda motani. Aigawe pa zinthu zimene banja silingakhale popanda izo, mwachitsanzo K30,000 ya lendi, K65,000 ya chakudya, K15,000 ya makala ndi madzi, ndi K10,000 ya sopo ndi zina zing'onozing'ono.

Zonse zopitirira K120,000 zisalowe m'thumba la tsiku ndi tsiku. Zisungidwe padera, kaya ku banki kaya pa nambala ina ya foni, ndipo zikhale ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi zolipira zimene tsiku lake limadziwika kale, monga fizi. Yachiwiri ndi nkhokwe yokwanira mwezi umodzi wa maziko, yodzatapamo malonda akadzatsika kuposa kale.

Tinene kuti fizi ndi K90,000 pa teremu. Mu Disembala mayiyu atsala ndi K140,000: K90,000 ikhale ya fizi ya Januwale, K50,000 iyambe nkhokwe. Zotsala za Januwale ndi Malichi zikwana K50,000, ndipo akawonjezapo K40,000 kuchokera pa K70,000 yotsala mu Epulo, fizi ya teremu yachitatu yakwana. K30,000 inayo ipite ku nkhokwe. Mu Meyi atsala ndi K100,000: K40,000 ifikitsa nkhokwe pa K120,000, ndipo K60,000 ndi poyambira fizi ya Seputembala. Wadutsa miyezi ya njala osakongola, mpamba uli wonse.

Posankha mwezi wa maziko, musawerengere mwezi umene simunagwire ntchito chifukwa cha matenda kapena maliro. Tengani wotsika pa miyezi imene munagwira ntchito bwinobwino. Amene amadalira maganyu angachite zomwezi ndi sabata m'malo mwa mwezi.

Mungadziwe bwanji kuti bajeti yasokonekera? Ngati mwatapa m'nkhokwe miyezi iwiri yotsatizana, ndiye kuti maziko munawaika pamwamba kapena mitengo ya zinthu yakwera. Ngati katundu amene mukupikula akunka nachepa, ndiye kuti mwayamba kudya mpamba. Ndi bwino kuwerengeranso bajeti kumayambiriro a teremu iliyonse.

Njirayi ili ndi malire ake. Siichulukitsa ndalama, imangozisamutsa kuchoka pa miyezi ya mwanaalirenji kupita pa miyezi youma. Ngati phindu la mwezi wotsika silikukwanira lendi ndi chakudya, tengani zofunikazo ngati maziko, ndipo dzazani nkhokwe msanga musanaganize zogula china chilichonse. Mukaona kuti fizi siikwana, kambiranani ndi aphunzitsi aakulu teremu isanayambe, osadikira kuti mwana abwezedwe kunyumba.

Ophunzira, inunso muli ndi gawo. Pemphani chilolezo kwa makolo kuti muziwalembera phindu m'kope madzulo aliwonse. Popanda kope limeneli, mwezi wa maziko sungadziwike.