Ziro pa Mzere wa Ntchito Sakutanthauza Kuti Ntchito Yatha

Mapulogalamu ambiri a pakompyuta sagwira ntchito iliyonse nthawi yomwe yafika. Ntchito ikabwera, monga kutumiza meseji ku foni kapena kukonza lisiti, amailemba ngati uthenga waufupi n'kuuika pa mzere. Mapulogalamu ena, omwe akatswiri amangowatcha antchito, amatenga mauthengawo n'kuchita zomwe alembedwamo. Pakati pa mbali ziwirizi pamakhala seva yosunga mzerewo, ndipo sevayo imaonetsa chiwerengero cha mauthenga omwe ali pamzere. Chiwerengerochi chikafika pa 0, munthu woyang'anira makina amafulumira kuganiza kuti zonse zatha. Nthawi zambiri zimakhala zisanathe.

Chifukwa chake chagona pa zomwe chiwerengerocho chimawerenga. Chimawerenga mauthenga omwe akudikira kutengedwa, osati omwe atengedwa kale koma ntchito yake ili mkati. Zili ngati pachigayo: matumba omwe anali pamzere panja atha kutha onse, koma chimanga cha munthu womaliza chikadali m'chigayo, ufa usanatuluke. Wothimitsa injini chifukwa choti panja palibe thumba wasiya mwini chimanga ali manja lende.

Pulogalamu ya RabbitMQ, yomwe inatuluka mu 2007 ndipo makampani ambiri amaigwiritsa ntchito posunga mizere yotere, imaonetsa bwino nkhaniyi. Mu RabbitMQ uthenga umadutsa magawo awiri usanachoke. Poyamba umakhala wokonzeka, kudikira wantchito. Seva ikaupereka kwa wantchito, siiufufuta ayi. Imausunga pambali mpaka wantchitoyo atatumiza chitsimikizo choti wamaliza, chomwe mu pulogalamu chimalembedwa `basic.ack`. Pa tsamba loyang'anira mizere magawo awiriwa ali ndi mizati yawoyawo, `Ready` ndi `Unacked`, ndipo `Total` ndi kuphatikiza kwa ziwirizo.

Msampha uli poti pulogalamu ikafunsa seva kuchuluka kwa mauthenga kudzera mu `queue.declare`, nambala yomwe imabwera ndi ya okonzeka okha. Omwe ali m'manja mwa antchito sawerengedwa. Wolemba pulogalamu akaika lamulo loti nambalayi ikafika pa 0 alengeze kuti ntchito yatha, ndiye kuti walengeza poyang'ana mzati umodzi wokha. Chimodzimodzinso lamulo loyeretsa mzere, `queue.purge`, limachotsa okonzeka okha, ndipo omwe sanatsimikizidwe amatsala.

Kuchuluka kwa ntchito yobisikayi kumadalira chinthu china chotchedwa `prefetch_count`. Pofuna kuti wantchito asamakhale chete kudikira uthenga wotsatira, seva imampatsiratu angapo nthawi imodzi, ndipo nambala imeneyi ndiyo malire a mauthenga osatsimikizidwa omwe wantchito mmodzi angakhale nawo. Ikakhala 1, wantchito amagwira uthenga umodzi basi. Ikakhala 50, amatha kukhala ndi umodzi womwe akuugwira ndi ena 49 omwe akudikira mkati mwa pulogalamu yake. Mauthenga 49 amenewa ali pamzerebe, kungoti mzere wake ndi wachiwiri, wosaoneka pa `Ready`.

Chitsanzo chongoyerekeza chingathandize. Sukulu ikufuna kutumiza mameseji 1,000 kwa makolo. Pali antchito 4, aliyense ali ndi `prefetch_count` ya 50, ndipo meseji iliyonse imatenga masekondi 2 kuti itumizidwe, imodziimodzi. Ntchito ikangoyamba, seva imagawa mauthenga 200 nthawi yomweyo, 50 kwa wantchito aliyense, ndipo `Ready` imatsika kuchoka pa 1,000 kufika pa 800 ngakhale palibe kholo lomwe lalandira kanthu. Kuyambira pamenepo, chitsimikizo chilichonse chikafika, seva imapereka uthenga wina umodzi. Antchito 4 pamodzi amamaliza mameseji 2 pa sekondi, choncho pakatha masekondi 400 amakhala atamaliza 800, ndipo seva imakhala itapereka uthenga womaliza. Woyang'anira akafunsa pa nthawi imeneyi:

```
rabbitmqctl list_queues name messages_ready messages_unacknowledged
```

yankho limakhala lotere:

```
mameseji    0    200
```

Mzere ukuoneka wopanda kanthu, koma gawo limodzi mwa magawo asanu a ntchito yonse silinagwiridwe. Wantchito aliyense ali ndi mauthenga 50, ndipo pa masekondi 2 uliwonse pakufunika masekondi 100 enanso. Makolo 200 akudikirabe.

Tsono tiyerekeze kuti woyang'anira waona 0 uja, ndipo patatha masekondi 10 wazimitsa antchito onse kuti aike pulogalamu yatsopano. Pofika nthawiyo aliyense wamaliza mauthenga 5 owonjezera, ndiye otsala ndi 180. Kulumikizana kwa wantchito ndi seva kukaduka, RabbitMQ imabwezera pamzere mauthenga onse osatsimikizidwa, ndipo `Ready` imadumpha kuchoka pa 0 kufika pa 180. Munthu wosadziwa angaganize kuti wina watumiza ntchito yatsopano, pomwe ndi yakale yomweyo yabwerera. Palibe uthenga womwe watayika, ndipo apa ndi pomwe pali phindu la chitsimikizo.

Koma mwa 180 aja, mpaka 4 anali pakati pa ntchito. Ngati wantchito anali atatumiza kale meseji ku kampani ya mafoni koma anazimitsidwa asanatumize `basic.ack`, seva ilibe njira yodziwira zimenezo. Idzapereka uthengawo kwa wantchito wina, ndipo kholo lidzalandira meseji kawiri. Pa meseji ya sukulu n'zongonyansa chabe. Ukakhala uthenga wolamula kulipira ndalama, nkhani yake imakula. RabbitMQ imaika chizindikiro cha `redelivered` pa uthenga woperekedwanso, koma chizindikirochi chimangonena kuti mwina uthengawo unaperekedwapo kale, sichinena ngati ntchito inachitika. N'chifukwa chake olemba mapulogalamu osamala amapatsa ntchito iliyonse nambala yakeyake, n'kusunga nambala za zomwe zatha, kuti uthenga ukabwera kachiwiri wantchito angoutsimikiza osabwereza ntchitoyo. Kuzimitsa kwabwino nako kuli ndi dongosolo lake: wantchito ayambe wasiya kulandira mauthenga atsopano, amalize womwe akuugwira, autsimikize, kenaka atseke.

Pali kachitidwe kena koopsa kuposa apa. Wantchito atha kuuza seva kuti isamadikire chitsimikizo, zomwe m'mapulogalamu ambiri zimalembedwa `auto_ack`. Zikatero seva imafufuta uthenga ikangoutumiza, ndipo malire a `prefetch_count` sagwiranso ntchito. M'chitsanzo chija mauthenga onse 1,000 atha kuthamangira kwa antchito 4 m'kanthawi kochepa, `Ready` ndi `Unacked` zonse n'kuonetsa 0 ntchito itangoyamba kumene. Wantchito mmodzi akafa, mauthenga onse omwe anali nawo amapita naye, ndipo palibe mzati uliwonse pa seva womwe udzaonetse kuti china chasowa. Kachitidweka n'koyenera pa mauthenga omwe kutayika kwake sikupweteka aliyense, osati pa malisiti kapena malipiro.

Mzati wa `Unacked` umathandizanso kuzindikira matenda a antchito, bola munthu auyang'ane kwa kanthawi osati kamodzi kokha. Ukamatsika pang'onopang'ono, antchito akugwira ntchito. Ukaima pa 200 ndendende osasuntha, pomwe `Ready` ikukwera, ndiye kuti antchito adzaza malire awo ndipo sakutsimikiza kanthu: mwina akudikira yankho la seva ina yomwe yaleka kuyankha, mwina wolemba pulogalamu anaiwala mzere wotumiza chitsimikizo. RabbitMQ ya masiku ano siidikira mpaka kalekale. Ngati woyang'anira sanasinthe, uthenga ukakhala mphindi 30 osatsimikizidwa seva imatseka njira ya wantchitoyo n'kubwezera mauthenga ake pamzere. Ntchito yomwe mwachibadwa imatenga ola lathunthu imakodwa m'lamulo limeneli ngati silinasinthidwe.

Mizere ya kampani ya Amazon, yotchedwa SQS, ili ndi vuto lomweli m'maonekedwe ena. Kumeneko wantchito akatenga uthenga, uthengawo umabisika kwa nthawi yoikika, yomwe poyambira ndi masekondi 30 ndipo itha kuwonjezedwa mpaka maola 12. Wantchito akamaliza amaufufuta yekha. Akapanda kutero nthawi isanathe, uthenga umaonekeranso. Ntchito yotenga masekondi 45 pa mzere wobisa kwa masekondi 30 imagwiridwa ndi antchito awiri, ngakhale palibe yemwe wafa. Ziwerengero kumeneko zilipo zitatu, `ApproximateNumberOfMessages` cha odikira, `ApproximateNumberOfMessagesNotVisible` cha omwe ali m'manja, ndi `ApproximateNumberOfMessagesDelayed` cha omwe nthawi yawo yoonekera siinakwane. Zonse zitatu n'zongoyerekeza, popeza mauthenga amasungidwa pa maseva ambiri, ndipo zimatha kutsalira kwa mphindi yathunthu kapena kupitirirapo.

Ngakhale mizati yonse itaonetsa 0, funso limodzi limatsala pa ntchito zomwe zimabala zinzake. Wantchito wowerenga fayilo ya mayina a makolo atha kuika pamzere uthenga wa meseji iliyonse. Akatsimikiza uthenga wa fayilo asanaike mauthenga atsopanowo, pamakhala kamphindi komwe `Ready` ndi `Unacked` zonse zili pa 0 pomwe ntchito 1,000 zili m'njira. Mankhwala ake ndi kutembenuza ndondomeko: ayambe waika ana pamzere, adikire seva ivomereze kuti yawalandira, kenaka atsimikize kholo lawo. Akatero `Total` siifika pa 0 ntchito ikadalipo. Mizere ikakhala iwiri, woyang'anira ayenera kuyamba kuwerenga mzere wa kumtunda, wa mafayilo, kenaka wa kumunsi, wa mameseji. Akayambira kumunsi atha kupeza 0, ntchito n'kusamukira komweko iye akutembenukira kumtunda, n'kupezanso 0 kumeneko.

Njira yodalirika kwambiri siyang'ana kutalika kwa mzere n'komwe. Imawerenga ntchito zomwe zalowa ndi zomwe zatha, n'kulengeza kutha pokhapokha ziwirizo zikafanana. Chiyankhulo cha mapulogalamu cha Python chili ndi njirayi mu `queue.Queue`. Lamulo la `empty()` limangonena ngati pali chodikira pa kamphindi kameneko, pomwe `put()` imawonjezera 1 pa chiwerengero cha ntchito zosatha, `task_done()` imachotsapo 1, ndipo `join()` imadikira mpaka chiwerengerocho chitafika pa 0. Kutenga chinthu pamzere ndi `get()` sikukhudza chiwerengerochi. Pa makina ambiri olumikizana, ntchito yomweyi imachitika m'nkhokwe ya deta: gulu la mameseji limalembedwa kuti lili ndi 1,000, wantchito aliyense akamaliza amalemba nambala ya meseji yake, ndipo yomwe yakanika kotheratu imalembedwanso padera ngati yolephera. Popanda kulemba zolepherazo, meseji imodzi yopita ku nambala ya foni yolakwika ingasiye gulu lonse likuoneka losatha pa 999.