Musakhwatche musanaone bulaketi

Pa masamu a MSCE, ophunzira ambiri amataya malikisi pa mafulakishoni a alijebula chifukwa cha dzanja lothamangira kukhwatcha. Akangoona x pamwamba ndi x pansi, cholembera chadutsa kale. Ine ndimaphunzitsa masamu, ndipo vutoli ndimakumana nalo pa gulu la ana a Fomu 4 limene timasonkhana madzulo kuno ku Machinjiri.

Tsiku lina ndidawapatsa samu iyi kuti aifupikitse:

(x² + 3x) / (x² − 9)

Mtsikana wina adakhwatcha x² pamwamba ndi pansi, natsala ndi 3x/(−9), ndiye kuti −x/3.

“Wagawa bwino 3 ndi 9,” ndidatero. “Koma tiye tiyese. Ika 6 m’malo mwa x mu funso lenilenilo.”

“Pamwamba 36 kuphatikiza 18, ndi 54. Pansi 36 kuchotsera 9, ndi 27. Ikubwera 2, aphunzitsi.”

“Nanga mu yankho lakolo?”

“Ikubwera −2. Iii, zasiyana! Komatu x² ali konsekonse.”

“Alikodi. Tandiuza, pamwambapo x² walumikizana ndi 3x mwa njira yanji?”

“Mwa kuphatikiza.”

Gwero la vuto lili pomwepo. Kukhwatcha ndi kugawa, ndipo pogawa timagawa zonse za pamwamba ndi zonse za pansi ndi chinthu chimodzi. Choncho chokhwatchidwa chiyenera kukhala chochulukitsa mbali yonseyo, osati chongophatikizidwa kapena kuchotseredwa. Onani pa manambala wamba: (2 + 6)/2 ndi 4, koma mukakhwatcha ma 2 mutsala ndi 6. Pomwe pa (2 × 6)/2 kukhwatcha kumapereka 6, yankho loona.

Ndidamupempha kuti ayambe waika zonse m’mabulaketi. Pamwamba adatulutsa x, napeza x(x + 3). Pansi adakumbukira kuti 9 ndi 3², ndipo x² − 3² imasanduka (x + 3)(x − 3).

“Tsopano chofanana ndi bulaketi yonse ya (x + 3),” adatero yekha. Ataikhwatcha adatsala ndi x/(x − 3). Poika 6 adapeza 6/3, yomwe ndi 2 uja.

“Ndikhwatchenso ma x otsalawa?”

“Yang’ana wapansiyo. Akuchulukitsa kapena akuchotseredwa 3?”

Adaseka, naika cholembera pansi.

Pali zinthu ziwiri zoti musamale nazo. Choyamba, x sangakhale 3 kapena −3, popeza pansi pa funso lija pangakhale 0, ndipo sitigawa ndi 0. Chachiwiri, poyesa yankho musasankhe 0. Mu samu yathuyi, 0 akadapereka 0 pa yankho loona ndi lolakwika lomwe, cholakwacho n’kubisala. Nambala ngati 6 ndiyo imaulula.

Inu amene mukukonzekera mayeso a MANEB, yambani ndi mabulaketi, khwatchani zochulukitsa zokha, kenako yesani ndi nambala musanapite ku funso lina.