Maere a pakompyuta: njira 27 sizigawika kwa anthu asanu ndi mmodzi

Pa chipereganyu, mkangano woyamba umabuka ndalama zisanasonkhedwe n'komwe: alandira ndani mwezi woyamba? Kale yankho linali timapepala ta mayina toponyedwa m'chipewa. Masiku ano ambiri amangoti kompyuta isakanize mayinawo, poganiza kuti makina sadziwa mbale. Makina alibedi mbale, koma amatsata malangizo amene munthu wawalembera, ndipo malangizo ofala kwambiri osakanizira mayina ali ndi tsankho limene diso silingaone.

Malangizowo amamveka anzeru. Munthu amayamba ndi dzina loyamba pamndandanda, n'kusankha mwamaere malo ena aliwonse, n'kusinthanitsa mayina awiriwo. Kenako amapita pa dzina lachiwiri, kusankhanso malo aliwonse pamndandanda wonse, kusinthanitsa. Amatero mpaka kumapeto. Dzina lililonse lagwedezeka, ndiye cholakwika chingakhale pati?

Chimaonekera bwino pamene mayina ali atatu okha, A, B ndi C. Mayina atatu angathe kusanjidwa m'njira zisanu ndi imodzi: ABC, ACB, BAC, BCA, CAB ndi CBA. Maere achilungamo ayenera kupatsa masanjidwe onsewa mwayi wofanana. Tsono njira yosinthanitsa ija imasankha katatu, ndipo ulendo uliwonse ili ndi malo atatu osankhapo. Kuchulukitsa 3 × 3 × 3 kumapereka 27. Pali tinjira 27 timene kompyuta ingadutse, tonse ta mwayi umodzi, ndipo kalikonse kamathera pa amodzi mwa masanjidwe asanu ndi amodzi aja.

Aliyense amene anagawirapo ana asanu ndi mmodzi mango 27 akudziwa mathero ake. Ena alandira anayi, ena asanu.

Ndi mmene zimakhaliradi munthu akakhala pansi ndi pensulo n'kutsata tinjira tonse. ACB, BAC ndi BCA amatuluka kasanu aliyense, pamene ABC, CAB ndi CBA amatuluka kanayi. Pa chipereganyu cha anthu atatu, ndiye kuti B amakhala woyamba kulandira pa tinjira 10, A pa 9, C pa 8 tokha. Maerewo atachitika ka 2,700, B angatsogole pafupifupi ka 1,000 pamene C angatsogole ka 800, ndipo tchimo la C ndi longolembedwa pomaliza basi. Kuwonjezera mayina sikuchotsa vutoli. Pa mayina anayi tinjira timakhala 256 ndipo masanjidwe ndi 24, zomwenso sizigawika. Kupatula mndandanda wa mayina awiri, masamuwa sagwirizana pa mndandanda wina uliwonse.

Njira yolondola inatulukira makompyuta asanafale. Akatswiri awiri a ziwerengero a ku Britain, Ronald Fisher ndi Frank Yates, anaifotokoza mu 1938 m'buku lawo la matebulo othandiza ofufuza za ulimi, zamoyo ndi zamankhwala. Yawo inali ya pepala: sankha dzina limodzi mwamaere, ulilembe pambali, ulifufute pamndandanda, usankhenso pa otsala. Kunena zoona, imeneyi ndi njira ya chipewa ija, chifukwa kapepala kotuluka sikabwereramonso. Mu 1964 Richard Durstenfeld anaikonza kuti iziyenda mwachangu pakompyuta, ndipo Donald Knuth anaitchukitsa kudzera m'mabuku ake. N'chifukwa chake ena amaitchula ndi dzina la Knuth, ena la Fisher ndi Yates.

Imene Durstenfeld anakonza imasinthanitsanso mayina, koma dzina likapeza malo ake silikhudzidwanso. Munthu angathe kuiyesa ndi dayisi ya ludo. Mayina akhale asanu, A B C D E, pa malo 1 mpaka 5, ndipo ntchito iyambire kumapeto. Pofuna dzina lokhala pa malo 5, dayisi iponyedwa, ndipo ikagwa 6 iponyedwanso chifukwa palibe malo otero. Yagwa 2. Dzina la pa malo 2 lisinthana ndi la pa malo 5, mndandanda n'kukhala A E C D B. Pamenepo B wakhazikika.

Kwatsala malo anayi, choncho manambala ovomerezeka ndi 1 mpaka 4. Yagwa 4: D asinthana ndi iye mwini, kutanthauza kuti sasuntha. Pa malo atatu otsala yagwa 1, ndiye A ndi C asinthana, mndandanda ukhala C E A D B. Pa awiri otsala yagwanso 1, C ndi E asinthana. Zathera pa E C A D B.

Tinjira ta ulendo umenewu ndi 5 × 4 × 3 × 2, zomwe ndi 120, ndipo masanjidwe a mayina asanu aliponso 120. Kanjira kalikonse kali ndi masanjidwe akeake, palibe mango otsala. M'chinenero cha pakompyuta cha Python zimalembedwa chonchi:

```python
for i in range(len(mayina) - 1, 0, -1):
    j = random.randint(0, i)
    mayina[i], mayina[j] = mayina[j], mayina[i]
```

Chinsinsi chonse chagona pa `i` wa mumzere wachiwiri, amene amachepetsa malo osankhapo ulendo uliwonse.

D amene sanasunthe uja ndi msampha wina. Anthu ambiri akaona dzina latsala pomwe linali amaganiza kuti kusakaniza kwalephera, ndiye amaletsa dzina kusankha malo ake omwe. Akatero amapeza njira ina, yodziwika ndi dzina la Sattolo, imene imakakamiza dzina lililonse kuchoka pamalo pake. Pa mayina atatu imatulutsa BCA ndi CAB okha. Wolembedwa poyamba sadzalandira konse mwezi woyamba, ngakhale maere atachitika kangati.

Zolakwika za mtunduwu sizigwera ophunzira okha. Mu 2010, potsatira mgwirizano ndi akuluakulu a mayiko a ku Ulaya, kampani ya Microsoft inakhazikitsa tsamba loonetsa anthu mapulogalamu otsegulira intaneti kuti asankhe okha, ndipo asanu otchuka anayenera kusanjidwa mwamaere. Olemba malangizo anagwiritsa ntchito chida chosanjira zinthu mwadongosolo, n'kumachiyankha mwachisawawa chikafunsa kuti pa ziwiri chitsogole ndi chiti. Anthu atayesa kambirimbiri n'kuwerenga, anapeza kuti pulogalamu ya kampaniyo, Internet Explorer, inkagwera pa malo omaliza pafupifupi theka la nthawi, pamene chilungamo chinali kamodzi pa kasanu. Tsankho lake linapweteka mwini wake. Rob Weir, katswiri wa ku IBM, anafotokoza gwero la vutolo, ndipo kampaniyo inakonza.

Anaugwira bwanji? Powerenga. Mndandanda umodzi wosakanizidwa suulula kanthu, chifukwa wokondera ndi wachilungamo amaoneka chimodzimodzi. Wokayikira pulogalamu aipatse mayina atatu, aiyendetse ka 60,000, awerenge kuti masanjidwe aliwonse atuluka kangati. Yabwino ipereka pafupifupi 10,000 paliponse, kusiyana ndi mazana ochepa. Yosinthanitsa mwachisawawa ipereka atatu ozungulira 11,100 ndi atatu ozungulira 8,900.

Mlembi wa gulu amene sadziwa kulemba mapulogalamu asade nkhawa. Mu Excel angalembe `=RAND()` pambali pa dzina lililonse, n'kusanja mayinawo potsata manambala otulukawo, ndipo zotsatira zake zilibe tsankho lija. Wogwiritsa ntchito Python ali ndi `random.shuffle`, imene mkati mwake muli njira ya Fisher ndi Yates yomweyi. Kumene kulibe magetsi, chipewa chikwanira, bola timapepala tikhale tofanana kukula, topindidwa mofanana, togwedezedwa bwino, ndipo wotola asasuzumiremo.