Mlendo wosafufutika mu vidiyo ya ukwati

Nkhani yaifupi yamtunduwu imayamba usiku, wokonza vidiyo ali yekha pa kompyuta. Akwati amupempha kuti achotse bambo wina wovala jekete amene waima kumbuyo kwawo pakhomo la tchalitchi. Akuchimuna sakumudziwa, akuchikazi nawo akumukana. Wokonzayo akatsegula gawo lodula keke, bamboyo alipo. Pa perekaniperekani, aliponso.

Mphamvu ya nkhaniyi yagona pa mmene ntchito yofufutayo imachitikira. Vidiyo ndi zithunzi zotsatizana mofulumira, nthawi zambiri 25 pa sekondi imodzi. Choncho kagawo ka masekondi 10 kali ndi zithunzi 250, ndipo mlendoyo ayenera kuchoka pa chilichonse. Wokonza amajambula mzere wozungulira thupi la munthuyo, kenako pulogalamu imaulondola pamene iye akusuntha. After Effects ili ndi chida cha Content-Aware Fill, chimene chinayamba kugwira ntchito pa vidiyo mu 2019.

Koma pamene pachoka munthu pamatsala dzenje lofunika chigamba. Pulogalamu imabwereka chigambacho ku zithunzi zina, pamene munthuyo anali atasuntha khoma la kumbuyo kwake n'kuonekera. Apa ndi pamene mlembi waluso amatchera msampha: mlendo wake sasuntha. Khomalo silinaonekepo ngakhale kamodzi, ndiye kompyuta imangopeka, njerwa n'kumagwedera ngati zili m'madzi.

Zina zimakana kuchoka. Mthunzi umatsala pansi. Nkhope imaonekera pa galasi la galimoto ya akwati. Ndalama zoponyedwa m'mwamba zimadutsa kutsogolo kwa jekete, ndipo iliyonse iyenera kupulumutsidwa payokhapayokha. Chovuta kuposa zonse ndi maso a anthu ena: kamwana konyamula maluwa kamatsala kakumwetulira malo opanda munthu.

Kufufuta anthu si nkhambakamwa chabe. Nikolai Yezhov, mkulu wa apolisi achinsinsi a Soviet Union, anajambulidwa pambali pa Stalin m'mbali mwa ngalande ya ku Moscow. Atagwa pa udindo n'kuphedwa mu 1940, chithunzicho chinatulukanso pamalo pake pali madzi okhaokha. Alembi nawo anaikonda kalekale nkhani ya munthu amene chithunzi chamusowetsa tulo. Julio Cortázar analemba yotere mu 1959, ndipo Michelangelo Antonioni anatengapo maziko a filimu yake ya Blow-Up ya mu 1966.

Nkhani ya wokonza vidiyo ili ndi chake chapadera. Kuti achotse mlendoyo, ayenera kumuyang'anitsitsa kuposa aliyense amene anali pa ukwatiwo. Pofika chithunzi cha 250 amakhala atadziwa kolala yakutha ya jekete, nsapato zafumbi, ndiponso kuti maso a bamboyo sachoka pa mkwatibwi. Funso limene akwati sanafunse limamugwera iyeyo: kodi ameneyu ndi wongodzadya mpunga, kapena ndi wachibale amene banja linagwirizana zomuiwala?

Kukucha, foni ikulira, akwati akufuna vidiyo yawo, ndipo gawo lomaliza silinakhudzidwe.