Fiyuzi ya sola malo ake oyamba ndi pafupi ndi batire

Moto wa sola umatha kuyambira ku batire, osati ku mapanelo ali padenga kokha. Panelo mphamvu zake zili ndi malire: ngakhale mawaya ake awiri atagundana, magetsi sapitirira kwambiri amene imatulutsa masiku onse. Batire ndiye ilibe chifundo. Khoswe akatafuna waya, kapena sipanala ikagwera pamitu yake iwiri, batire ya mavolti 12 imakhuthula maampu mazanamazana nthawi imodzi. Waya amafiira, pulasitiki n'kusungunuka, kenako nyumba n'kugwira moto.

Ntchito ya fiyuzi ndi kuduka waya asanapse. N'chifukwa chake imaikidwa pa waya wa pozitivi, pafupi kwenikweni ndi mutu wa batire, chifukwa chigawo cha waya chotsala pakati pa batire ndi fiyuzi chilibe chitetezo.

Tiyerekeze kuti muli ndi inveta ya mawati 1,000 pa batire ya mavolti 12. Mukagawa 1,000 ndi 12 mupeza maampu 83, koma poti inveta imataya mphamvu zina, ndiponso batire ikamatsika imakoka ochulukirapo, werengerani pafupifupi 100. Apa pakufunika waya wonenepa wa 35 mm² ndi fiyuzi ya maampu 125. Mukaika ya 60 izingoduka pachabe. Mukaika ya 300, waya ndi amene ayambe kupsa fiyuzi ili phee. Ikaduka, fufuzani chaidula. Kumangapo kawaya m'malo mwake n'kuitana moto.

Waya wochoka ku kontirola kupita ku batire afunikanso yakeyake, kumbali ya batire komweko. Kontirola ya maampu 30 imayenda bwino ndi fiyuzi ya 40 pa waya wa 10 mm².

Pakati pa mapanelo ndi kontirola pamakhala buleka, kuti muzitha kuzimitsa pokonza. Muziyamba kuzimitsa imeneyi musanachotse batire. Mafiyuzi kumeneku amafunika mizere ya mapanelo yolumikizidwa mbali ndi mbali ikafika itatu kapena kuposa, chifukwa mzere umodzi ukachita shoti, inayo imathira magetsi ake onse mwa iwo.

Chondidetsa nkhawa ndi mabuleka a m'nyumba amene ena amaika pa sola poti ngotchipa. Magetsi a ESCOM ndi a AC, amatsikira pa ziro ka 100 pa sekondi, choncho lawi lobuka buleka ikamatseguka limazima lokha. A DC satsika, lawilo limapitiriza kuyaka mkati mpaka bulekayo kusungunuka. Ikamatentha, kuda kapena kununkha pulasitiki, ichotseni msanga.

Pogula, onetsetsani kuti palembedwa DC, ndipo mavolti ake akuposa Voc ya mapanelo onse a mumzere mukaiphatikiza. Ngati ili ndi zizindikiro za + ndi -, musazitembenuze.