Kodi jakisoni wolera amawumitsa chiberekero?

Pamzere wa kusikelo, nkhani ya jakisoni wa Depo siichedwa kubuka. Ena amati amawumitsa chiberekero, ena amati magazi a msambo amaundana m'mimba mpaka mayi kusanduka chumba. Mantha amenewa ali ndi pochokera: jakisoni amachedwetsadi kutenga pakati, koma kuchedwako kumatha.

Jakisoniyu amabayidwa pa miyezi itatu iliyonse, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuletsa dzira kukhwima ndi kutuluka. Amapyapyalitsanso khungu la m'kati mwa chiberekero, lomwe limayoyoka mayi akamasamba. Nchifukwa chake pafupifupi theka la amayi amasiya kusamba akakwanitsa chaka akubayitsa. Palibe magazi amene amaunjikana penapake, chifukwa thupi silinakonze oti atuluke.

Mankhwalawa amatha pang'onopang'ono m'thupi, ndipo mayi amatenga miyezi pafupifupi 10 kuchokera pa jakisoni womaliza kuti aime. Tiyerekeze mayi amene wabayitsa komaliza mu Januwale. Chitetezo chodalirika chimatha mu Epulo, koma mwina sasamba mpaka nyengo yozizira itadutsa. Akhoza kuima cha mu Novembala, pamene mnzake angadikire mpaka pakati pa chaka chinacho, miyezi 18 itakwana. Onse awiriwa ali bwinobwino, ndipo kudikiraku sikutalika chifukwa choti munthu wabayitsa zaka zambiri. Mapiritsi, lupu ndi implanti ya pamkono sizichedwetsa chotere: mayi akhoza kuima mwezi womwewo wasiya.

Mu 2018, akatswiri ena ataphatikiza kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana anapeza kuti amayi pafupifupi 83 pa 100 aliwonse anatenga pakati chaka chisanathe atasiya kulera. Chiwerengerochi sichisiyana kwenikweni ndi cha mabanja amene sanalerepo. Njira zomwe cholinga chake ndi kusiyiratu kubereka ndi kutseka kwa amayi ndi kwa abambo basi, ndipo munthu amachita kusankha yekha.

Nanga amene mwana sakubwera ndithu? Kawirikawiri vuto limakhala linayamba mwakachetechete. Chinzonono ndi matenda ena opatsirana pogonana, akapanda kuchizidwa, amatseka machubu odutsa dzira, nthawi zina mayi osamva kupweteka kulikonse. Kuchotsa mimba mosatetezeka kumawononganso machubuwa. Msinkhu nawo umawerengedwa: wosiya kulera ali ndi zaka 38 sangaime msanga ngati wa zaka 25. Ndipo m'mabanja ambiri vuto limapezeka mu umuna wa bambo.

Choncho ngati mukufuna mwana chaka chamawa, uzani anamwino kuti akusinthireni ku mapiritsi kapena makondomu nthawi ikadalipo. Mukayesa chaka chathunthu msambo utabwerera koma osaima, kapena miyezi 6 ngati mayi wapitirira zaka 35, pitani kuchipatala nonse awiri, bambo akayezedwenso.